Lamulo la maavareji awiri: samalani posankha masiku

Pa 23 Malichi 2020, S&P 500, mlozo wa masheya a makampani akuluakulu a ku America, unagwa kufika pa 2,237, ndipo sunatsikenso kuposa apo. Koma anthu otsatira lamulo la maavareji awiri anali asanagulitse masheya awo.

Lamuloli ndi losavuta. Tsiku lililonse mumawerengera avareji ya mitengo yotsekera ya masiku 50 apitawa, ndi inanso ya masiku 200. Yaifupi ikakwera pamwamba pa yaitali mumagula, ikatsikira pansi pake mumagulitsa. Chaka chimenecho chizindikiro chogulitsa chinabwera kumapeto kwa Malichi, msika utakwera kale kufika cha m'ma 2,600. Chogulanso chinabwera mu Julaye, mlozo utadutsa 3,100. Anagulitsa motchipa, n'kudzagula modula.

Lamulolo silinawonongeke ayi. Avareji imatsalira m'mbuyo ndi pafupifupi theka la masiku ake, choncho ya masiku 200 imaonetsa mmene zinthu zinalili masiku 100 apitawo, pomwe kugwa kwa 2020 kunangotenga milungu isanu. Lamulo lomweli linatulutsa anthu mu Disembala 2007 n'kuwabwezeretsa pakati pa 2009, ndipo linawapulumutsa chifukwa kugwa kuja kunapitirira chaka.

Choopsa chimabwera munthu akakhumudwa. Amauza kompyuta iyese avareji yaifupi kuyambira masiku 5 mpaka 60, yaitali kuyambira 50 mpaka 250. Pamenepo pali njira zoposa 10,000, ndipo pa unyinji wotere ina idzawala basi, mwamwayi chabe. Tinene kuti yapambana ya 37 ndi 142. Musathamangire kuikapo ndalama. Yesani 35 ndi 140, kenako 40 ndi 150. Ngati zoyandikana nazozi zikuluza, mwangosoka malaya okwana munthu amene anachoka kale. Masiku osankhidwa bwino amakhala pakati pa anzawo amenenso akuchita bwinoko, ngakhale phindu lake lisakhale lalikulu kwambiri.

Ine ndimaona kuti masiku ayenera kusankhidwa musanaone phindu, potengera kutalika kwa kukwera kapena kutsika kumene mukufuna kugwira. Ngati ndi kwa miyezi yambiri, 50 ndi 200 ikukwanira, bola muvomereze zaka zonga 2020. Ya 5 ndi 20 imafulumira, koma msika ukamangozungulira pamodzimodzi, mizere imapingasana kawirikawiri ndipo ndalama zimathera kwa buloka. Poyesa, chotsani malipiro amenewa, ndipo gwiritsani ntchito mtengo wa tsiku lotsatira, pakuti chizindikiro chimadziwika msika utatseka.

Zaka zingapo zomalizira muzisunge padera, osazisuzumira, kuti mudzayesere lamulo mutalimaliza. Mumayesa kamodzi kokha. Mukaona zotsatira n'kusinthanso masiku, zaka zimenezo sizingakhalenso mboni.