Wani, folo, faifi: makhodi atatu amene anyamula nyimbo zambirimbiri

Mu kwaya zambiri mumapezeka woimba kiyibodi amene amatha kulowa m'nyimbo yoti sanaimvepo. Wina akangoyambitsa kolasi, iye amafufuza pang'ono ndi chala chimodzi, kenaka n'kuyamba kuperekeza ngati anaiphunzira dzulo. Si matsenga ayi. Nthawi zambiri amakhala akusinthasintha makhodi atatu okha, amene oimba amawatchula kuti wani, folo ndi faifi. Lero ndikufuna ndikuonetseni chifukwa chake atatuwa amakwanira, ndipo tigwiritsa ntchito fizikisi ya mawu ndi masamu osavuta.

Tiyambe ndi mayina

Manoti a do, re, mi, fa, so, la, ti mumawadziwa kale. Apatseni manambala: do akhale 1, re 2, mpaka ti 7. Khodi ndi manoti atatu kapena kuposerapo olira nthawi imodzi. Kuti mupange khodi, mumatenga noti imodzi, n'kudumpha yotsatira, n'kutenga ina, n'kudumphanso, n'kutenga yachitatu.

Mukayambira pa do mupeza do, mi, so. Imeneyi ndiye wani. Mukayambira pa fa mupeza fa, la, do wapamwamba, ndiye folo. Mukayambira pa so mupeza so, ti, re wapamwamba, ndiye faifi. M'mabuku a nyimbo amazilemba ndi manambala achiroma: I, IV, V.

Tsopano lembani manoti onse a makhodi atatuwa pamodzi, muwerenge. Do alipo, re alipo mu faifi, mi mu wani, fa ndi la mu folo, so alipo, ti mu faifi. Onse asanu ndi awiri apezeka, palibe wotsala. Ndiye kuti woimba akaima pa noti iliyonse mwa isanu ndi iwiriyi, pali khodi imodzi mwa zitatuzi imene notiyo ilimo kale. Chinsinsi chachikulu cha woimba kiyibodi uja n'chimenechi.

Nanga n'chifukwa chiyani amamveka bwino?

Mawu amabwera chinthu chikamanjenjemera. Nsambo ya gitala ikamanjenjemera mofulumira, mawu amakwera. Timawerenga kuti yanjenjemera kangati pa sekondi imodzi, ndipo chizindikiro cha muyeso umenewu ndi Hz. Tiyerekeze kuti do wathu ali pa 264 Hz. Manoti a makhodi atatu aja akhala chonchi:

```
I   do mi so   264  330  396   (66 x 4, 5, 6)
IV  fa la do   352  440  528   (88 x 4, 5, 6)
V   so ti re   396  495  594   (99 x 4, 5, 6)
```

Tengani cholembera mutsimikize nokha. Gawani manambala a mzere woyamba ndi 66, a wachiwiri ndi 88, a wachitatu ndi 99. Mizere yonse ikupatsani 4, 5, 6. Mwaona? Makhodi atatuwa ndi mpangidwe umodzi womwewo, wangoikidwa pamalo atatu osiyana. Mukapanga khodi poyambira pa re, pa mi kapena pa la, simupeza 4, 5, 6. Mwa makhodi asanu ndi awiri amene mungapange mwa njira yodumpha ija, atatu okhawa ndi amene ali ndi mpangidwe umenewu.

Manambala ang'onoang'ono otere ali ndi ntchito m'khutu. Nsambo siinjenjemera pa liwiro limodzi lokha. Ikamalira do pa 264, imatulutsanso timawu tofooka pa 528, pa 792 ndi kupitirira, kutanthauza 264 kuchulukitsa ndi 2, ndi 3, choncho. Nayenso so wa 396 amatulutsa kamawu kake pa 792. Pamenepo do ndi so agwirizana ndendende, n'chifukwa chake akalira pamodzi amamveka ngati asungunukirana.

Yerekezani ndi mi ndi fa. Mi ali pa 330, fa ali pa 352. Akalira pamodzi mafunde awo amathandizana n'kutsutsana ka 22 pa sekondi, poti 352 kuchotsa 330 ndi 22. Khutu limamva kukhakhala, ngati mawu akukandana. Kumbukirani kukhakhala kumeneku, tikubwereranso.

Ngati pali gitala pafupi, mutha kuyeza zimenezi ndi rula. Tengani nsambo imodzi, mawu ake osagwira paliponse akhale do. Pa magitala ambiri mbali imene imanjenjemera ndi yotalika pafupifupi masentimita 65. Dinani pa kachitsulo kachisanu ndi chiwiri kuchokera kumutu, mumva so. Mukayeza mbali yotsala kulowera kumimba kwa gitala mupeza pafupifupi masentimita 43, omwe ndi magawo awiri mwa atatu a nsambo yonse. Pa kachitsulo kachisanu mumva fa, ndipo patsala pafupifupi 49, magawo atatu mwa anayi.

Kuchoka pakhomo ndi kubwerera

Makhodi atatuwa ali ndi ntchito zosiyana. Wani ndi pakhomo, pamene nyimbo imapumira. Folo ndi ngati watuluka kukacheza kwa aneba: wachoka ndithu, koma do akadali m'khodimo, ndiye suli kutali. Faifi ndi imene imakuitanira kunyumba. Mulibe do m'menemo, koma muli ti, amene ali pansi penipeni pa do wapamwamba, 495 pafupi ndi 528. Imbani do, re, mi, fa, so, la, ti, kenaka musiyire pomwepo. Zikuvutani mumtima eti? Pakamwa pakufuna kumaliza ndi do. Oimba ena amawonjezera fa pamwamba pa faifi, ndipo fayo amafuna kutsikira pa mi. Ti akakwera, fa n'kutsika, mwafika pa wani.

Tiyese ndi kanyimbo

Ndapeka kanyimbo ka zigawo zinayi. Chigawo chilichonse muombe m'manja kanayi, kuomba kulikonse noti imodzi.

```
1: do mi so mi
2: fa la la fa
3: so fa mi do
4: re ti re so
```

Chigawo choyamba n'chosavuta, manoti onse ndi a wani. Chachiwiri chili ndi fa ndi la, onse a folo. Chachinayi chili ndi re, ti, so, onse a faifi.

Chachitatu ndiye chofuna kuganiza. Chikuyamba ndi so, yemwe ali mu wani komanso mu faifi. Musathamange, onani zimene zikubwera kutsogolo: mi ndi do, onse a wani. Ndiye wani yapambana. Nanga fa uja? Iye wangodutsa pakati pa so ndi mi, ndipo wagwera pa kuomba kwachiwiri, komwe n'kopepuka. Noti yongodutsa siifuna khodi yakeyake. Ongoyamba kumene amalakwa pomwepa: amasintha khodi pa noti iliyonse, dzanja n'kutopa, nyimbo n'kumveka yodumphadumpha. Muziyang'ana kwambiri noti ya pa kuomba koyamba ndi kwachitatu, ndi noti iliyonse imene woimba akuikoka nthawi yaitali.

Mungadziwe bwanji kuti mwaika khodi yolakwika? Yesani dala: gwirani wani pa chigawo chachiwiri. Woimba ali pa fa, inu mukuliza mi. Kukhakhala kwa 22 kuja mukumva nthawi yomweyo. Sunthirani ku folo, kutha. Woimba kiyibodi waluso amachita zomwezi, kungoti khutu lake limakonza msanga inu musanazindikire.

Ndiye kanyimbo kathu kayenda motere: wani, folo, wani, faifi, n'kubwerera poyambira.

Nyimbo zosiyana, mafupa amodzi

Kuzungulira kumene tapezaku ndi msana wa nyimbo za kwela, zimene zinatchuka ku South Africa m'zaka za m'ma 1950 n'kufika kuno kwathu, kumene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaziimba mpaka kudziwika kunja. Nyimbo ya Mbube, imene Solomon Linda anajambula mu 1939, imazunguliranso chimodzimodzi.

Ku America, nyimbo za buluzi zimayala makhodi omwewa pa zigawo khumi ndi ziwiri: zinayi pa wani, ziwiri pa folo, ziwiri pa wani, chimodzi pa faifi, chimodzi pa folo, ziwiri zomaliza pa wani. La Bamba, imene Ritchie Valens anajambula mu 1958, imangoyenda wani, folo, faifi mobwerezabwereza. Three Little Birds ya Bob Marley, ya mu 1977, ili ndi makhodi atatu okha: A, D ndi E.

Mwina mudabwa kuti malemba A, D, E akukhala bwanji wani, folo, faifi. Manambalawa amawerengedwa kuchokera pamene mwaika do. Do akakhala pa A, werengani pa zala: A, B, C, D ndi wachinayi, E wachisanu. Do akakhala pa C, makhodi ndi C, F, G. Akakhala pa G, ndi G, C, D. N'chifukwa chake oimba amakonda manambala: nyimbo ikakwera kwambiri moti oimba akulephera kufikira, amangosuntha do, manambala osasintha.

Nanga ngati makhodi ndi omwewo, bwanji nyimbozi sizifanana? Makhodi ali ngati mafupa. Liwiro, kagundidwe ka ng'oma, njira imene mawu a woimba akudutsa, ndi nthawi imene mukukhalitsa pa khodi iliyonse ndi zimene zimapatsa nyimbo nkhope yake. Oimba rege amadula khodi mwachidule pakati pa magundo, pomwe mu kwela gitala imangoyenda modumphira.

Pamene malire ali

Manambala ndakupatsani aja ndi ongwiro, koma kiyibodi siichunidwa ndendende choncho. Pofuna kuti muziika do paliponse, opanga amagawa mtunda wochokera pa do kufika pa do wapamwamba m'masitepe 12 ofanana. Pamenepo C wapakati amakhala pafupifupi 262 Hz, G pafupifupi 392. Kusiyanaku n'kochepa, khutu limalolera.

Chachiwiri, si nyimbo zonse zimene zimakwanira m'makhodi atatu. Zambiri za masiku ano zimawonjezera khodi ya sikisi, la, do, mi, imene manambala ake ndi 10, 12, 15 ndipo ambiri amaimva ngati yachisoni. Mukaona kuti mwayesa atatu onse, palibe kukhakhala koma kukoma kwa nyimbo yeniyeni sikukutuluka, yesani sikisi.

Chachitatu, fizikisi imafotokoza kusungunukirana kwa mawu, koma kumva kuti wani ndi pakhomo n'chinthu chimene khutu limaphunziranso pomvera nyimbo zotere kuyambira ubwana. Nyimbo zambiri zamakolo, kuno ndi kumaiko ena, zili ndi kachunidwe kawokawo, ndipo mukazikakamiza kulowa mu wani, folo, faifi zimataya kukoma.

Ntchito ya sabata ino: sankhani kolasi imodzi imene mumaidziwa bwino, mupeze do wake, amene kawirikawiri ndi noti yomalizira. Itanani anzanu atatu, wina agwire do, wina mi, wina so, inu muziimba kolasiyo pamwamba pawo. Paliponse pamene mwamva kukandana kokhalitsa, ikani chizindikiro papepala, muyesepo fa, la, do kapena so, ti, re. Mukafika kumapeto mukhala mwalemba makhodi a nyimboyo opanda chida chilichonse.