Ekala, Hekitala ndi Lima: Kodi Munda Waukulu ndi Uti?

Anthu amachula kukula kwa munda m'njira zosiyanasiyana. Ena amati maekala, ena amati mahekitala. Alimi ambiri muno m'Zambia amati malima. Miyeso iyi siyofanana. Munthu akafuna kudziwa munda waukulu kapena wochipa, ayenera kusintha miyeso yonse kuti ikhale masikweya mita.

Sikweya mita imodzi ndi kamalo kotalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Popeza masikweya mita a munda wa makona anai, mlimi amapima m'litali ndi m'lifupi, ndipo amaculukitsa manambala awiriwo.

Miyeso yofunika kuikumbukira ndi iyi:

Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000.
Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047.
Lima imodzi ndi masikweya mita 2,500.

Hekitala ndi munda wa mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Lima ndi munda wa mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi. Apa ena amasokonezeka. Amaganiza kuti lima ndi theka la hekitala cifukwa 50 ndi theka la 100. Koma 50 kuculukitsa ndi 50 ndi 2,500 cabe. Motero m'hekitala imodzi muli malima anai. Maekala m'hekitala imodzi ndi pafupifupi awiri ndi theka.

Mai wina wa ku Katete anafuna munda wa lendi woti alimemo nshawa. Anapeza minda iwiri ya nthaka yofanana. Mwini munda woyamba anati, “Wanga ndi maekala awiri. Mundipatse K1,200 pa caka.” Mwini munda waciwiri anati, “Wanga ndi hekitala imodzi. Mundipatse K1,300 pa caka.”

Madzulo mai uja anauza mwana wake wamkazi wa mu Giredi 6 kuti, “Mwana wanga, ine nditenga woyamba. Ziwiri zipambana cimodzi, ndiponso mtengo wake ndi wocepa.”

Mwanayo anati, “Amama, yembekezani pang'ono. Ekala ndi hekitala si cimodzimodzi. Tiyeni tiwerengere.”

Anatenga pensulo ndi pepala. Kuti samu isavute, anawerenga ekala ngati masikweya mita 4,000.

Munda woyamba: 2 × 4,000 = 8,000
Munda waciwiri: 1 × 10,000 = 10,000

“Mwaona amama? Munda wa hekitala ndiwo waukulu. Waposa unzake ndi masikweya mita pafupifupi 2,000. Malo amenewo atsala pang'ono kukwana lima imodzi.”

Amai ake anati, “Iyai, zoona? Nanga pa ndalama, wochipa ndi uti?”

Mwanayo anagawa munda uliwonse m'zigawo za masikweya mita 1,000. Munda woyamba unali ndi zigawo 8. Waciwiri unali ndi zigawo 10. Kenaka anagawa mtengo ndi nambala ya zigawo.

Munda woyamba: K1,200 ÷ 8 = K150
Munda waciwiri: K1,300 ÷ 10 = K130

Cigawo cimodzi ca munda woyamba cinali K150, koma ca munda waciwiri cinali K130. Munda umene unaoneka wodula ndiwo unali wochipa.

M'mawa mwake anapita kukapima munda waciwiri ndi cingwe ca mamita 25. M'litali anayala cingwe kasanu, ndiwo mamita 125. M'lifupi anayala katatu ndi kuonjezera mamita 5, ndiwo mamita 80. Mwanayo analemba 125 × 80 = 10,000. Mundawo unalidi hekitala imodzi, ngakhale mbali zake sizinali zofanana. Apo m'pamene mai uja analipira.

Kupima ndi cingwe kapena tepi kumathandiza kuposa kuwerenga mapazi, cifukwa mapazi a anthu amasiyana. Nambala ya 4,000 nayonso ndi yongoyerekeza. Pogula munda waukulu, munthu agwiritse nchito 4,047. Pa maekala 10, kusiyana kwake kumafika masikweya mita 470.

Mafunso

1. M'hekitala imodzi muli masikweya mita angati?
2. Ndi cifukwa ciani lima si theka la hekitala?
3. Cacikulu ndi citi, ekala imodzi kapena malima awiri?
4. Munda uli ndi mamita 100 m'litali ndi mamita 75 m'lifupi. Kodi ndi malima angati?
5. Munda wa malima anai ndi K1,000. Munda wa ekala imodzi ndi K480. Wochipa ndi uti?

Zocita

Khalani m'magulu a ana anai. Pimani bwalo la mpira la pa sukulu panu ndi cingwe. Pezani masikweya mita ake. Kodi likwana hekitala imodzi?