Chifukwa Chake Chitsulo Chimalemera Kwambiri Chikafika Pakati

Aliyense amene ananyamulapo chitsulo popinda mkono pachigongono amadziwa malo amene zinthu zimavuta. Poyamba chitsulo chimanyamuka mosavuta. Chikafika pamene mkono wa m'munsi wagona chopingasa, kulingana ndi pansi, chimakhala ngati wina wawonjezerapo makilogalamu ena. Tikangodutsa pamenepo chimapepukanso, pomwe kulemera kwake sikunasinthe ngakhale pang'ono.

Tikaphunzira za ubale wa kutalika kwa mnofu ndi mphamvu imene umatulutsa, yankho lofulumira limabwera lokha: pamenepo ndi pamene mnofu uli wofooka. Yankholi limamveka bwino, koma ndi lolakwa, ndipo ife amene tikukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi tikhoza kuliphunzitsa kwa zaka zambiri popanda wotifunsa. Zoona zake n'zakuti pamalo amenewa mkono uli pafupi ndi mphamvu zake zonse. Nanga ukuvutikiranji?

Tiyambe ndi zimene zili m'kati mwa mnofu. Mnofu wa kutsogolo kwa mkono, umene timautcha baisepusi, unapangidwa ndi timaulusi tambirimbiri, ndipo kaulusi kalikonse kali ndi tizigawo tondondozana totchedwa masakomiya. M'kachigawo kalikonse muli mitundu iwiri ya tizingwe. Tokhuthala, totchedwa mayosini, tili pakati, ndipo topyapyala, totchedwa akitini, timachokera kumapeto onse awiri n'kulowa pakati pa tokhuthalato. Mayosini ali ndi timitu timene timagwira akitini, kukoka, kusiya, n'kugwiranso patsogolo. Tizingwe tokhato sitifupika. Timangolowererana, ndipo kachigawo konse n'kamene kamafupika.

Tiyerekeze ndi anthu amene akukoka chingwe ataima pamzere. Ngati chingwecho chikufika kwa anthu awiri oyambirira okha, ena onse manja ali m'malere, ndipo mphamvu ndi yochepa ngakhale gululo lili ndi anthu amphamvu. Chingwe chikafika kwa onse, mphamvu imakwanira. Koma akakoka mpaka chingwe chaunjikana pamapazi ndipo iwo apanikizana kukhoma, sakokanso bwino. Mnofu nawo umatero. Ukatambasuka kwambiri, timitu tochepa ndi timene timafikira akitini. Ukafupika kwambiri, tizingwe ta akitini tochokera mbali ziwiri timadutsana n'kusokonezana, kenako mayosini amagunda kumapeto kwa kachigawo. Mphamvu yochuluka ili pakatikati.

Izi zinayezedwa. Mu 1966 Albert Gordon, Andrew Huxley ndi Fred Julian anafalitsa zimene anapeza pa ulusi umodzi wa mnofu wa chule. Mphamvu inali yochuluka pamene sakomiya inali yaitali mamaikulomita 2.0 mpaka 2.2, ndipo maikulomita imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000. Atautambasula mpaka pafupifupi 3.65, pamene tizingwe tija sitikhudzananso, mphamvu yokoka inatheratu. Mwa munthu tizingwe ta akitini n'totalikirapo, choncho malo abwino ali cha pa 2.7, koma kakweredwe ndi katsikidwe ka mphamvu n'kofanana.

Tikhoza kuzimva tokha popanda chule. Tifumbate chala cha mnzathu mwamphamvu dzanja lili lowongoka. Kenako tipinde dzanjalo kulozetsa m'kati mpaka pamene lathera, tiyesenso kufumbata. Mnzathuyo asolola chala chake mosavuta. Minofu yopinda zala yafupika kale chifukwa cha kupindika kwa dzanja, ndipo yotambasula zala, imene ili kuseri, yakokeka n'kuyamba kulimbana nayo.

Tsopano tibwerere ku chigongono. Tigwirizane kuti mkono wowongoka, wolendewera pambali pa thupi, uli pa madigiri 0, ndipo mkono wa m'munsi ukagona chopingasa uli pa madigiri 90. Pa 0 baisepusi ndi yaitali. Dzanja likafika pafupi ndi phewa, ndi yaifupi kwambiri. Cha pakati ndi pamene kutalika kwake kuli koyenera, ndipo munthu akamakoka chinthu chosasuntha pa ngodya zosiyanasiyana, mphamvu yake yaikulu yopindira chigongono imapezeka chakufupi ndi madigiri 90. Ubale wa kutalika ndi mphamvu ukanakhala wokha, pakati pakanakhala pophweka kuposa pena paliponse.

Chimene chasowa m'nkhaniyi ndi chitsulo chenichenicho. Chigongono ndi potembenukira, ngati mahinjesi a chitseko, ndipo chimene chimavutitsa potembenukira si kulemera kokha ayi, koma kulemera kuchulukitsa ndi mtunda. Ndi chifukwa chake sipanala yaitali imamasula nati imene yaifupi yalephera. Chitsulo chimakokedwa molunjika pansi nthawi zonse, ndiye mtunda umene tiyenera kuyeza ndi wopingasa, kuchokera pachigongono kukafika pamzere wotsika kuchokera pachitsulo. Mkono ukalendewera, chitsulo chili pansi penipeni pa chigongono, ndipo mtunda umenewu ndi 0. Mkono wa m'munsi ukagona chopingasa, mtundawu umakhala wonse.

Tiwerengere limodzi. Titenge chitsulo cha makilogalamu 10, chimene chimakokedwa pansi ndi mphamvu ya manyutoni pafupifupi 98, ndipo tinene kuti kuchokera pachigongono kufika pakati pa chikhatho pali masentimita 30. Kulemera kwa mkono weniweniwo tikusiye pambali kuti masamu asachuluke. Mphamvu yotembenuza timaipeza motere:

```
T = F × L × sin θ
```

Pa madigiri 30, sin θ ndi 0.5, choncho mtunda wopingasa ndi masentimita 15, ndipo T ndi 14.7. Pa madigiri 60 mtundawu wakula kufika masentimita 26, ndipo T ndi 25.5. Pa madigiri 90 ndi masentimita onse 30, ndipo T ndi 29.4, kuwirikiza kawiri zimene zinali pa 30. Tikapitirira kufika pa 120, tabwereranso pa 25.5. Ndiye kumva kuja kwakuti wina wawonjezera makilogalamu si bodza la m'mutu. Kwa chigongono katunduyo wawonjezekadi.

Nambala imene imadabwitsa ndi ya mnofu. Baisepusi imalumikizika ku fupa la mkono wa m'munsi, la mbali ya chala chachikulu, pafupi kwambiri ndi chigongono. Pa madigiri 90 mzere umene mnofuwu ukukokera umadutsa masentimita 4 kapena 5 okha kuchokera potembenukira. Tikatenga 4, ndiye kuti 29.4 kugawa ndi 0.04 ikutipatsa manyutoni 735, zofanana ndi kulendewetsa makilogalamu 75. Kuti tingogwira chitsulo cha makilogalamu 10 chisagwe, minofu ikukoka ngati yanyamula munthu wamkulu. Si baisepusi yokha imene imasenza zonsezi. Pansi pake pali mnofu wina wotchedwa burakiyalisi, wosaoneka koma wogwira ntchito yaikulu, ndipo wachitatu umatsika mbali ya chala chachikulu. Koma yonse imakokera pafupi ndi chigongono pamene katundu ali kutali.

Pali zinthu ziwiri tsono zimene zikusintha nthawi imodzi mkono ukamapindika: zimene chitsulo chikufuna, ndi zimene mkono ungathe kupereka. Zachiwirizi zimadalira kutalika kwa mnofu komanso mtunda waung'ono uja wa pachigongono, umene nawonso umachepa mkono ukawongoka. Kuvuta kumene timamva ndi kuyandikana kwa ziwirizi. Pansi mkono ndi wofookerapo, koma chitsulo chikufuna zochepa kwambiri, ndiye sitimva kanthu. Pakati mkono uli wamphamvu, koma chitsulo chikufuna zonse zimene chingafune. Pamwamba mnofu wafupika ndipo wataya mphamvu, koma chitsulo chayandikiranso pamwamba pa chigongono. Onaninso kuti pa madigiri 60 katundu wafika kale pa 87 peresenti. Pakati pa 60 ndi 120 palibe popumira, ndipo munthu wotopa amatha kuima asanafike pa 90 penipeni, liwiro limene ananyamuka nalo litatha.

Tingadziwe bwanji kuti ndi mtunda wa chitsulo umene ukusankha malo ovuta, osati kutalika kwa mnofu? Tisinthe chimodzi, china tichisiye. Tigoneke mkono wa m'mwamba pa thabwa lopendekera kutsogolo madigiri 45, monga mabenchi ena a kumalo onyamulira zitsulo alili. Tsopano mkono wa m'munsi ugona chopingasa chigongono chitangopindika madigiri 45, ndipo malo ovuta asamukira pansi. Ngakhale mkono uli wowongokeratu, chitsulo chili kale masentimita 21 kutsogolo kwa chigongono. Apa katundu wamkulu wakumana ndi mnofu wautali ndiponso mtunda wokokera waufupi, n'chifukwa chake chitsulo chimene timachikwanitsa titaima chimatikana pabenchi yotere. Ndi pamenenso tiyenera kusamala potsitsa. Mtsempha wolumikiza baisepusi ku fupa ukaduka, kawirikawiri zimachitika pamene katundu wolemera wawongola mokakamiza mkono umene ukuyesa kupinda. Chitsulo chapabenchi yotere chikhale chopepukirapo, ndipo chitsike pang'onopang'ono.

Njira ina yoyesera ndi mphira wa chubu cha njinga. Tiuponde ndi phazi, tigwire mbali inayo n'kupinda mkono. Mphira umakoka kwambiri ukamatambasuka, ndiye malo ovuta amakwera m'mwamba, kumene mnofu wafupika. Mkono ndi womwewo, masakomiya ndi omwewo, koma malo ovuta asuntha kawiri.

Thupi limadziwa masamu amenewa ngakhale mwini wake sanawaphunzire. Tikaonetsetsa munthu amene chitsulo chamukulira, amachita chimodzi mwa ziwiri. Amaponya chiuno kutsogolo kuti chitsulo chidutse pakati ndi liwiro, kapena amabweza chigongono kumbuyo kwa nthiti kuti chitsulo chikwere chikukhudza thupi. Njira yachiwiriyi imafupikitsa mtunda wopingasa uja, ndipo yoyambayo imapereka ntchito kwa msana ndi miyendo. Kuti tizindikire, tiime chammbali n'kuyang'ana chigongono chokha, osati chitsulo. Chikasuntha pamalo pake chitsulo chisanadutse pakati, katunduyo wapitirira zimene minofu yopinda chigongono ingapereke pa madigiri 90. Munthuyo atsamire khoma ndi msana, zigongono zikhale pambali pa nthiti, ndipo achepetse chitsulocho mpaka athe kuchiimitsa chopingasa kwa masekondi awiri asanapitirize kukweza.