Kodi Tithire Malole Angati a Miyala pa Msewu Wathu?

Inu alimi mukudziwa kuti thumba la feteleza limene mwathira m'munda mwanu silingathiridwenso m'munda mwa mnzanu. Msewu wopita ku msika ndi wosiyana. Ngolo yanu ikadutsapo, msewuwo sutha, ndipo n'kovuta kuletsa munthu amene sanasonkhe kuti asayendepo. Choncho kawerengedwe ka phindu lake nakonso n'kosiyana, monga anafotokozera katswiri wa zachuma Paul Samuelson mu 1954.

Tiyerekeze kuti msewu uli ndi eni atatu: mwini esiteti, mlimi wa fodya ndi mlimi wa mtedza. Lole imodzi ya miyala ndi K60,000. Aliyense anene ndalama zimene lole iliyonse ingamupulumutsire, monga zokonzera ngolo yothyoka kapena zotayika mbewu zikachedwa ku msika.

Lole yoyamba ikwirira padambo pamene pamatitimira ngolo. Mwini esiteti apindula K50,000, wa fodya K30,000, wa mtedza K25,000. Popeza onse atatu ayenda pa miyala imodzimodziyo, lembani ndalamazi mosanjikiza, ina pansi pa inzake, ndi kuphatikiza chotsika monga samu ya ku sukulu. Zikwana K105,000. Taonani, palibe mmodzi yemwe akanagula loleyi payekha, komabe phindu lake laposa mtengo wake kutali. (Pa feteleza timaphatikiza matumba amene aliyense angagule pa mtengo umodzi. Pano tikuphatikiza ndalama pa lole imodzi.)

Malole otsatira athira malo osaonongeka kwambiri, motero phindu licheperachepera. Yachiwiri ndi K40,000, K25,000 ndi K20,000, pamodzi K85,000. Yachitatu ndi K30,000, K20,000 ndi K15,000, pamodzi K65,000. Yachinayi ndi K20,000, K10,000 ndi K5,000, pamodzi K35,000 basi, zosafika pa mtengo wa lole. Ndiye gulani malole atatu, mulekere pomwepo.

Vuto limabwera ndi munthu wofuna kudya zaulere. Wa mtedza akanama kuti msewu alibe nawo ntchito, lole yachitatu ioneka ngati ya K50,000 chabe ndipo siigulidwa. Wa fodya akatengerako khalidweli, ngakhale yoyamba siibwera, ndipo onse akankha ngolo m'matope mvula ikagwa. Wotereyu mungamudziwe powerenga maulendo a ngolo yake ndi matumba amene anagulitsa chaka chatha.

Koma musafulumire kuweruza aliyense wokana kusonkha. Mukagawana K60,000 mofanana, aliyense apereka K20,000, pamene lole yachitatu ikupindulira wa mtedza K15,000 yokha. Akakana, sanalakwe. Mwini esiteti atapereka K28,000, wa fodya K18,000 ndi wa mtedza K14,000, loleyo ilipiridwa yonse, ndipo aliyense apereka zochepera phindu lake.