Mayina 400 papepala, mbale zingati? Kawerengedwe ka alendo pa ukwati

Loweruka lililonse la nyengo yamaukwati, ophika a ku Kawale, Biwi ndi Area 23 amakumana ndi funso lomwelo. Komiti yabweretsa mndandanda wa alendo, nanga chakudya chiphikidwe cha anthu angati? Akaphika chochepa, mbiri imawanda kuti pa ukwati wa uje anthu anabwerera ndi njala, ndipo maoda amathera pomwepo. Akaphika chochuluka, mpunga ndi nkhuku zimatsala m'mapoto ndipo phindu lonse limapita kudzala.

Mndandanda umasonyeza anthu amene aitanidwa kapena alembetsa. Chiwerengero cha odzadya chimapezeka pougawa m'magulu, chifukwa anthu a pamndandanda sabwera mofanana.

Kugawa mndandanda

Mwachitsanzo, mayi wophika wa ku Kawale walandira oda ya ukwati umene madyerero ake achitikira mu holo ku Area 25. Komiti yamupatsa mayina 400. Asanapite kumsika, iye amakhala pansi ndi tcheyamani wa komiti n'kufunsa za dzina lililonse.

Gulu loyamba ndi la amene sangajombe: makolo, ankhoswe, abale apafupi, operekeza akwati ndi a komiti. Apezeka 90, ndipo onse 90 awerengedwa.

Gulu lachiwiri ndi la anthu okhala mumzinda momwemuno amene ayankha kuti abwera. Alipo 150. Mawu akuti “tidzabwera” nthawi zina amangokhala ulemu, ndipo Loweruka limodzi limatha kukhala ndi maukwati atatu komanso maliro osayembekezereka. Mayiyu amawerengera 8 pa anthu 10 alionse, choncho apeza 120.

Gulu lachitatu ndi la amene analandira khadi kapena uthenga wa pa WhatsApp koma sanayankhe. Alipo 100, ndipo iye amatengapo theka, anthu 50.

Gulu lachinayi ndi la abale akumudzi, ku Dedza ndi ku Mchinji. Alembedwa 60, koma apa chofunika kufunsa ndi mayendedwe. Ngati banja lachita hayala galimoto imodzi yonyamula anthu 30, odzafika ndi 30. Amene auzidwa kuti adzilipirire okha thiransipoti kawirikawiri safika onse.

Magulu anayiwa apereka anthu 290. Koma pali odya ena amene salembedwa pa mndandanda uliwonse: wolengeza pa perekaniperekani, woimbitsa nyimbo, ojambula, madalaivala, alonda a pageti ndi ophika eni ake. Apa alipo 20, ndiye kuti chiwerengero chafika 310. Pamwamba pake awonjezerapo mbale imodzi pa khumi zilizonse, pafupifupi 30, kuchitira ana otsatira amayi awo ndi osayankha aja akabwera ochuluka. Mapeto ake: mbale 310 zotsimikizika ndi 30 zapadera.

Ziwerengero za 8 pa 10 ndi theka zija ndi poyambira chabe. Wophika wanzeru amakhala ndi kope lolembamo zinthu zitatu pa oda iliyonse: olembedwa, mbale zimene zinatuluka, ndi zotsala. Akalemba maukwati asanu kapena khumi, kopelo limamuuza ziwerengero zakezake, zogwirizana ndi dera ndi mtundu wa makasitomala ake.

Kuchokera pa mbale kufika pa makilo

Kilo imodzi ya mpunga wosaphika imakwanira anthu 8 ngati pali ndiwo ndi masamba okwanira. Mbale 310 zifuna makilo 39, ndipo 30 zapadera zifuna ena 4. Nkhuku yachizungu yaikulu bwino imatulutsa nthuli 10, choncho pafunika nkhuku 31 ndi zina zitatu zapadera. Akanatsata mndandanda, mayiyu akanagula makilo 50 a mpunga ndi nkhuku 40. Kusiyana kwake ndi makilo 7 ndi nkhuku 6, osawerengera mafuta, makala, kabichi ndi zakumwa za anthu 60 amene kulibe.

Muyezo umenewu umagwira ntchito pokhapokha pali munthu wogawa. Alendo akamadzitengera okha, oyambirira amadzaza mbale ndipo nkhuku imatha mzere usanafike pakati. Wogawa akhale ndi chipande chimodzi cha mpunga ndi lamulo la nthuli imodzi pa mbale.

Chogula msanga ndi chogula mochedwa

Mpunga wa Kilombero, mafuta, mchere, nyemba ndi zakumwa za m'mabotolo zigulidwe zokwanira mbale zonse 340, chifukwa zikatsala zimadikira oda ina. Kugula msanga kumathandizanso mitengo ikamasinthasintha. Pamene Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wambiri anakwera m'masiku ochepa. N'chifukwa chake ndi bwino kulandira chikole ndi kugula zosawola nthawi yomweyo.

Tomato, kabichi, nyama ndi nkhuku zidikire mpaka komiti itatsimikiza chiwerengero, masiku atatu ukwati usanachitike. Nkhuku zitatu zapadera zikhale mufiriji kapena zamoyo kwa woweta wapafupi.

Kuphika kawiri

Zapadera zisaphikidwe m'mawa. Mpunga umapsa m'mphindi 40 moto ukakhala wokonzeka, choncho ukhoza kudikira. Nyemba ndi nyama ya ng'ombe zimatenga maola, ndiye ziphikidwe zonse poyamba. Kuchuluka kwa anthu kutchalitchi sikunena zambiri, popeza ambiri amapita molunjika kumadyerero. Chizindikiro chodalirika ndi mipando ya mu holo. Wothandiza mmodzi awerenge mizere yodzaza patatsala ola limodzi kuti chakudya chituluke. Anthu akapitirira 280 ndipo ena akulowabe, mphika wachiwiri ukwere pamoto. Akakhala 250, makilo 4 aja abwerera kunyumba ali osaphika.

Kuphika zonse m'mawa kuli ndi vuto linanso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. M'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala mpunga umawonongeka msanga, ndipo nthawi zina umadwalitsa usanayambe kununkha.

Pamene masamuwa sagwira

Zonsezi zimadalira geti. Madyerero akachitikira pakhomo, monga chimakhalira chinkhoswe m'madera ngati Chinsapo ndi Mgona, mndandanda umakhala chiwerengero chochepetsetsa. Oyandikana nawo, a mpingo ndi ana a m'deralo amabwera popanda khadi, ndipo kuwabweza n'kovuta. Pamenepo wophika agwirizane ndi banja za miphika iwiri: wa oitanidwa, ogawiridwa ndi timakadi ta chakudya, ndi wina wa nsima, nyemba ndi kabichi wa aliyense wofika. Ufa umasungika ndipo nsima imaphikidwa malinga ndi anthu amene akuoneka.

Chotsiriza ndi mgwirizano wolembedwa. Pepala linene kuti banja lilipira mbale 310 ngakhale atabwera 270, kuti mbale iliyonse yoposa pamenepo ili ndi mtengo wake, ndiponso kuti chakudya chophika chotsala ndi cha banja pamene chosaphika chapadera ndi cha wophika. Tcheyamani wa komiti asainire chiwerengerocho Lachitatu. Popanda pepala limeneli, anthu akachepa banja limafuna kubwezeredwa ndalama, akachuluka mlandu umagwera wophika.