Galimoto ndi nyumba za kuntchito: msonkho wake amauwerengera bwanji?

Kodi galimoto ya kuntchito nayonso ndi malipiro?

Kwa a MRA, inde. Ngati mumapita nayo kumudzi, kutchalitchi kapena kukagula ndiwo, mukupeza phindu lomwe mukanalilipira ndi ndalama za m'thumba mwanu. Phindulo limakhala ndi mtengo, ndipo mtengowo ndi umene amaudula msonkho.

Amalipira ndani?

Ku Malawi kuno amalipira ndi olemba ntchito, osati wantchito. Msonkhowu ndi 30 peresenti ya mtengo wa phindulo, ndipo umaperekedwa miyezi itatu iliyonse, pasanathe masiku 14 miyeziyo itatha. Boma likakhala wolemba ntchito, lamuloli sililikhudza.

Nanga mtengo wa galimoto amaupeza bwanji?

Amatenga 15 peresenti ya ndalama zomwe inagulidwira, pa chaka. Tinene kuti kampani yagulira bwana galimoto ya K40,000,000. Phindu lake pa chaka ndi K6,000,000, msonkho wake K1,800,000, ndiye kuti K450,000 miyezi itatu iliyonse.

Ikakalamba, mtengowo umatsika?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Galimotoyo ingathe matayala, ingachite dzimbiri, ingatsike mtengo m'mabuku a kampani, koma msonkho umayang'ana mtengo wogulira uja. Kunena zoona, lamuloli limapweteka amene akusunga chiphapha cha zaka zambiri, ngakhale ubwino wake ndi woti palibe zokangana za mtengo chaka ndi chaka.

Nyumba ya lendi imene kampani ikulipira?

Apa amafanizitsa lendi imene ikulipidwa ndi gawo la malipiro a wantchitoyo, kenako amatenga chokulirapo. Gawolo ndi 10 peresenti ngati nyumbayo ilibe katundu wa kampani, ndi 12 peresenti ngati kampani inaikamo mipando, mabedi ndi zina. Mayi wolandira K2,000,000 pa mwezi akukhala m'nyumba yopanda katundu ku Namiwawa, lendi K500,000. Gawo la malipiro ndi K200,000, lendi yaposa, choncho msonkho uchokera pa K500,000 ndipo ukhala K150,000 pa mwezi.

Nanga ndikamasonkhako pa lendiyo?

Zomwe mwasonkhazo amazichotsera. Mayi uja akamadulidwa K100,000 ya nyumba, patsala K400,000, msonkho K120,000. Koma kudulako kuzionekera pa pepala la malipiro, chifukwa pangano la pakamwa silingaime pamaso pa oyendera mabuku.

Bwanji atangondipatsa ndalama ya nyumba m'manja?

Ikatero yasanduka malipiro wamba. Amaiphatikiza ndi salale yanu n'kudula PAYE, ndipo msonkhowo umakugwerani inuyo. Musanasaine kalata ya ntchito, funsani bwino ngati nyumbayo adzailipira okha kwa eni ake kapena ndalamayo idzadutsa mwa inu.