Kalata Yopita kwa Katswiri wa Magazi

Inu ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono, munthu wamkulu akabwera ndi mikwingwirima m'thupi chikhalirecho sanamenyedwe kapena kugwa, ndipo kuyeza kukaonetsa kuti mapulateleti, tizigawo tija tothandiza magazi kuundana, atsikira pa 18, pamene mwa munthu wangwiro sachepera 150, kalata yanu kwa katswiri wa magazi isangonena kuti "muoneni wodwalayu".

Lembani tsiku limene mikwingwirima inayamba, ngati nkhama kapena mphuno zikukha magazi, ngati msambo wachuluka, ndiponso mankhwala onse amene akumwa, pakuti kwinini ndi kotirimokisazo amatha kutsitsa mapulateleti. Tchulani zotsatira za malungo ndi HIV, mlingo wa magazi ndi maselo oyera, komanso ngati kapamba watupa. Mlingo wa magazi, maselo oyera ndi mapulateleti zikatsika pamodzi, nkhawa imaloza ku mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa.

Muletseni asipirini ndi burufeni, musamubaye jakisoni wa m'mnofu. Koma akadandaula mutu waukulu, akasokonezeka, kapena chimbudzi chikada bii, imbani foni, anyamuke lero lomwe kalata ili m'manja.